Bakodi ikuyamba ndi 600, koma mafutawa apangidwa kuti, ndipo liti?

NaChisale wa ku Kawale: Mwaswera bwanji nonse pagulu pano. Ndithandizeni maganizo ndisanataye mpamba. Mnyamata amene amandibweretsera katundu wa mu golosale akuti ali ndi makatoni atatu a mafuta odzola, mabotolo 12 mu katoni, pa mtengo wotsika kusiyana ndi umene ndimapikulira ku Malangalanga. Akuti ndi orijino a ku Joni. Wanditumizira zithunzi ziwiri, china cha bakodi, china cha kunsi kwa botolo. Tsiku lopangira silikuoneka, lothera ntchito silikuonekanso. Pa bakodi ndikuwerenga 6004817209?53, ndipo pamene ndaika funsopo pachita mbuu, mwina ndi 3 mwina ndi 8. Kunsi kwa botolo kuli timadontho takuda tolemba L4187 B2 14:32. Kodi zimenezi zingandiuze kumene mafutawa achokera ndi nthawi imene anapangidwa?

Yohane wa geni ya Joni: Amayi musadandaule, 600 ndi 601 ndi Joni imeneyo. Ine ndimayenda msewu umenewo, katundu yense amene ndimatenga amayamba ndi manambala amenewa. Ikanakhala 690 mpaka 699 ndikanati ndi wa ku Tchaina. Koma chenjerani ndi tsiku. Pa bakodipo pali 4817, ndiye kuti sabata ya 48 chaka cha 2017. Ndi akale kwambiri amenewo, n'chifukwa chake atchipa.

NaChisale wa ku Kawale: 2017? Ndiye basi ndimuuze mnyamatayu kuti ayi.

A Phiri a ku Kanengo: Dikirani kaye anaChisale musanamuyankhe. Ine ntchito yanga ndi yolandira ndi kuwerengera katundu mu weyahausi, manambalawa ndimakhala nawo tsiku ndi tsiku. Achimwene a Yohane alondola pa 600 ndi 690, koma pa tsiku aphonya. Mu bakodi ya manambala 13 ngati imeneyi mulibe tsiku ngakhale pang'ono. Botolo la mtundu umenewu lopangidwa chaka chatha ndi lopangidwa mawa onse adzakhala ndi bakodi yomweyo. Ngati muli ndi sopo wa mtundu umodzi pa shelefu, wina wakale wina watsopano, yerekezani, muona kuti manambala ndi amodzimodzi. Mkati mwake muli nambala ya kampani, kenako nambala imene kampaniyo yapatsa chinthucho, kenako nambala imodzi yomaliza yotsimikizira kuti enawo awerengedwa bwino. 4817 ija yangokhala gawo la nambala ya kampani.

Za 600 nazonso zili ndi malire. Manambala a mabakodi amaperekedwa ndi bungwe lotchedwa GS1, lomwe lili ndi maofesi m'mayiko ambiri. Atatu oyambirirawo amanena ofesi imene kampani inakalembetsa, osati kumene kuli fakitale. Zili ngati galimoto ya nambala ya LL: inalembetsedwa ku Lilongwe, koma tonse tikudziwa kuti inapangidwa ku Japani. Kampani ya ku Joni ikhoza kukapangitsa mafuta ku Indiya kapena ku Tchaina n'kuikapo 600 yake, ndipo palibe lamulo limene yaphwanya.

Yohane wa geni ya Joni: A Phiri, koma nanga bwanji katundu wa ku Kenya amayamba ndi 616, wa ku Tanzania 620, wa ku Indiya 890? Ine ndimaziona zikugwirizana nthawi zonse.

A Phiri a ku Kanengo: Zimagwirizana nthawi zambiri chifukwa makampani ambiri amalembetsa kwawo n'kumapangira konko. Koma nthawi zambiri si nthawi zonse. Taonani katundu wathu wa kuno. Pa mndandanda wa GS1 umene timagwiritsa ntchito, dzina la Malawi palibe, ndiye opanga zinthu kuno amakatenga manambala ku maofesi a kunja. Ndalandirapo katundu wolembedwa kuti wapangidwa ku Blantyre koma bakodi yake ikuyamba ndi 600. Mukatsatira bakodi yokha munena kuti ndi wa ku Joni. Dziko lenileni limalembedwa m'mawu kumbuyo kwa botolo, pamene pali "Made in" kapena "Product of", ndipo mnyamatayu mbali imeneyo sanaijambule.

Make Tadala: Pepani kulowerera. Kodi mukunena timabokosi tija timajambula ndi foni polipira ndalama? Mwana wanga anandichenjeza kuti ena amamata tabodza kuti ndalama zipite kwa iwo.

Chisomo wa ku Eriya 25: Ayi amayi, amenewo ndi a QR, aja a makona anayi ngati draft ya madontho. Pano akunena mizere yakuda yoimirira imene imakhala pa katundu wa mu shopu. Koma chenjezo la mwana wanulo ndi loona ndithu. A Phiri, nanga nambala yosaonekayo? Pali njira yoidziwira popanda chithunzi china?

A Phiri a ku Kanengo: Ilipo asisi, bola yosaonekayo ikhale imodzi yokha. Siyani pambali nambala yomaliza, yomwe pano ndi 3. Otsala 12 aja agaweni pawiri: oyamba, achitatu, achisanu mpaka a nambala 11 muwaphatikize okha, achiwiri, achinayi, achisanu ndi chimodzi mpaka a nambala 12 muwaphatikizenso okha kenako muchulukitse katatu. Phatikizani mayankho awiriwo, n'kuona kuti patsala zingati kuti mufike pa khumi lotsatira. Chotsalacho chiyenera kufanana ndi nambala yomaliza ija, ndipo ngati zonse pamodzi zathera ndi 0, monga 90, yomalizayo ikhale 0. Tiyese poganiza kuti yosaonekayo ndi 3:

```
6 + 0 + 8 + 7 + 0 + 3 = 24
(0 + 4 + 1 + 2 + 9 + 5) x 3 = 63
24 + 63 = 87
90 - 87 = 3
```

Yankho ndi 3, ndipo yomaliza pa botolo ndi 3, zagwirizana. Ikanakhala 8, mzere woyamba ukanapereka 29, zonse pamodzi 92, kuti tifike pa 100 patsala 8, zomwe sizikugwirizana ndi botolo. Choncho bakodi yonse ndi 6004817209353.

Chisomo wa ku Eriya 25: Ndayesa pa botolo la mafuta ophikira limene lili pano, zatheka! Poyamba zimakana chifukwa ndimachulukitsa katatu gulu loyamba m'malo mwa lachiwiri.

Yohane wa geni ya Joni: Ndiye ngati masamu agwirizana ndi orijino basi. Ine ndimamva kuti feki amagwa pa masamu amenewa.

A Phiri a ku Kanengo: Apa ndi pamene anthu ambiri amabetsera ndalama achimwene. Wopanga feki salemba manambala a m'mutu mwake, amakopera bakodi ya botolo lenileni mmene ilili, ndiye masamu agwirizana, ngakhale makina a pa tilu awerenga bwinobwino. Masamuwa akakana, mudziwe kuti mwina mwawerenga molakwika kapena bakodiyo ndi yopeka. Akavomera, amangokuuzani kuti mwawerenga bwino, basi. Phindu lake ndi lakuti tsopano nambala yathunthu mukhoza kuilemba pa tsamba la GS1 lotchedwa Verified by GS1, likuuzani dzina la kampani imene inapatsidwa nambalayo. Dzinalo likasiyana ndi limene lili pa botolo, funsani bwino. Nthawi zina limakhala dzina la kampani yaikulu imene ili mwini wa dzina la pa botololo, koma likatuluka la kampani yopanga misomali pamene mwagwira mafuta odzola, musagule.

NaChisale wa ku Kawale: Zikomo bambo Phiri, mtima wayamba kukhala pansi. Nanga timadontho ta kunsi tija?

A Phiri a ku Kanengo: Pamenepo ndiye pali nkhani ya tsiku. Imeneyo ndi nambala ya bachi, imasindikizidwa pa nthawi yothira mafuta m'botolo, n'chifukwa chake imakhala ya timadontho osati yosindikizidwa pamodzi ndi zolemba zina. Mabotolo onse ophikidwa mphika umodzi amakhala ndi nambala imodzi, kuti pakapezeka vuto kampani iitanitse okhawo. Ndinene poyera kuti apa palibe lamulo limodzi la dziko lonse, fakitale iliyonse ili ndi kalembedwe kake. Chimene timachita ndi kuyesa njira zodziwika n'kutaya zimene sizingatheke.

L nthawi zambiri imangoimira mawu akuti loti, dzina lina la bachi, ndiye tiisiye. Tatsala ndi 4187. Mafakitale ambiri salemba mwezi, amawerenga masiku kuchokera pa 1 Januwale mpaka pa 365, kapena 366, n'kuika nambala yomaliza ya chaka kutsogolo kapena kumbuyo. Tikati chaka chili kumbuyo, tsiku likhala la 418, ndipo chaka sichifika pamenepo, ndiye njira imeneyo yagwa. Tikati ndi sabata ndi chaka, ikhala sabata ya 41 ya 1987, zomwe n'zosatheka pa botolo looneka latsopano. Yatsala njira yoti 4 ndi chaka, 187 ndi tsiku.

Tsopano tiwerenge. 2024 inali ndi Febuluwale wa masiku 29. Kutha kwa Januwale ndi 31, Febuluwale 60, Malichi 91, Epulo 121, Meyi 152, Juni 182. Kuchoka pa 182 kufika pa 187 ndi masiku 5, ndiye ndi pa 5 Julaye 2024. Chikanakhala chaka cha Febuluwale wa masiku 28 likanakhala 6 Julaye. 14:32 ndi nthawi imene botolo linadutsa pa makina, ndipo B2 ikhoza kukhala mzere wa makina kapena shifiti, imeneyo amadziwa ndi eni fakitale.

Chisomo wa ku Eriya 25: Nanga mwadziwa bwanji kuti 4 ndi 2024 osati 2014?

A Phiri a ku Kanengo: Pa nambala yokhayo sitingadziwe, ndiko kufooka kwa kalembedwe kameneka. Timathandizidwa ndi zina: maonekedwe a botolo ngati ndi amene ali m'mashopu panopa, ndi mafutawo. Mafuta odzola okhala zaka zoposa khumi amalekana, madzi pawokha mafuta pawokha, fungo limasintha, pulasitiki imachita chikasu. Zimenezo sizioneka pa chithunzi cha kunsi kwa botolo.

Anti Joyi a saluni ku Biwi: Ine ndimagula zodzola zambiri ndipo ndikufuna ndionjezerepo, chifukwa a Phiri akuzifewetsa ngati nthawi zonse zimatuluka chonchi. Mabotolo ambiri amene ndili nawo ali ndi malemba osakaniza ndi manambala, ena chilembo chimaimira mwezi, A ndi Januwale, B ndi Febuluwale, ndipo ena amadumpha I chifukwa imafanana ndi 1, moti Disembala amakhala M osati L. Ena chilembo chimaimira chaka, ena fakitale. Ndinayesapo masamba a pa intaneti amene umalembamo bachi n'kukuuza tsiku, tsamba lina linandipatsa chaka china, linzake chaka china, botolo lomwelo. Ndiye anaChisale, L ameneyo musamutaye msanga. Bwanji ngati ndi mwezi?

A Phiri a ku Kanengo: Anti mwanena zoona, sindikutsutsa. L akhoza kukhala Novembala kapena Disembala pa kalembedwe kena, 4 n'kukhala chaka, 187 n'kukhala nambala ya mphika chabe. Zikatero tikhala kumapeto kwa 2024 m'malo mwa Julaye. Ine ndikupendekera ku Julaye chifukwa L wotsatiridwa ndi manambala anayi ndi nthawi ndimamuona kawirikawiri, koma pakufunika umboni wachiwiri. AnaChisale, muuzeni mnyamatayo ajambule kumbuyo konse kwa botolo, ndi sitika yoyera imene ili pambali pa katoni. Asayatse fulashi, imawalitsa pulasitiki n'kumeza timadontho. Aime pakhomo pamene kuwala kukubwera cham'mbali, asayandikitse foni kwambiri, adine pa sikirini pamene pali manambala kuti kamera igwire pomwepo. Potumiza pa WhatsApp asankhe Document osati Gallery, chifukwa njira ya masiku onse imachepetsa chithunzi, ndipo 3 ndi 8, 1 ndi 7, 0 ndi D amayamba kufanana.

Che Saidi wa minibasi: Poti tikudikira zithunzi ndifunseko zanga. Ndagula tayala la kaunjika ku Bwalo la Njobvu, pambali pali DOT ndi malemba ena, kumapeto 2319. Ndikatsatira njira ya a Phiri ndiye 2 ndi 2022, tsiku la 319, cha mu Novembala. Ndiye kuti si lakale kwambiri eti?

A Phiri a ku Kanengo: Ayi che Saidi, matayala ali ndi lamulo lawo lokhazikika, ndipo ndi losiyana. Kuyambira chaka cha 2000 manambala anayi omaliza pa DOT ndi sabata ndi chaka. 2319 ndi sabata ya 23 ya 2019, kumayambiriro kwa Juni. Tayalalo ndi lakale ndi zaka zitatu ndi miyezi kuposa mmene mumaganizira. Poti mumanyamula anthu, liyang'aneni bwino m'mbali ngati mulibe ming'alu ing'onoing'ono.

Che Saidi wa minibasi: Iii, 2019. Ming'alu ilipo ndithu pafupi ndi limu. Ndilibweza mawa.

NaChisale wa ku Kawale: Zithunzi zafika, zikuoneka bwino kwambiri ulendo uno. Nambala ija ndi 3 ndithu monga munawerengera. Kumbuyo kwalembedwa "Made in India" ndipo m'munsi mwake "Distributed by" ndi dzina la kampani ya ku Johannesburg. Palinso kachithunzi ka kabotolo kotsekula chivindikiro kolembedwa 12M. Pa sitika ya katoni pali mizere yaitali, m'munsi mwake mwalembedwa chonchi:

```
(01)16004817209350(11)240705(10)L4187
```

Yohane wa geni ya Joni: Mwaona! Bakodi ya Joni koma katundu wa ku Indiya. Feki ameneyo amayi.

Anti Joyi a saluni ku Biwi: Ayi achimwene, wakuba sakanalemba yekha kuti Indiya, akanalemba dziko limene anthu akulifuna. Apa kampani yanena chilungamo: tapangitsa ku Indiya, tikugulitsa ndife a ku Joni. Amene walakwitsa ndi mnyamata uja ponena kuti apangidwa ku Joni, mwinanso iye anangoona 600 ngati inu.

A Phiri a ku Kanengo: Ndikugwirizana ndi anti. Ndipo sitika ya katoniyo yatimasulira nkhani ya tsiku, chifukwa mizere yaitali ya pa makatoni ndi mtundu wina wa bakodi umene umatha kunyamula tsiku ndi bachi. Manambala a m'mikutiramawu ndi amene amanena chimene chikutsatira, ndipo tanthauzo lake ndi limodzi kulikonse. 01 ndi nambala ya katundu, ndipo mukayang'ana mkati mwake muona 600481720935 yomwe ija ya pa botolo, kutsogolo kwaikidwa 1 wosonyeza katoni, yomaliza yasintha chifukwa masamu aja asintha. 11 ndi tsiku lopangira, lolembedwa chaka, mwezi, tsiku: 240705 ndi 2024, Julaye, pa 5. 10 ndi bachi, L4187, yofanana ndi ya kunsi kwa botolo. Ndiye chaka ndi 2024 osati 2014, ndipo L sanali mwezi. Mukadzaona 17 m'malo mwa 11, limenelo ndi tsiku lothera ntchito, ndipo 15 ndi tsiku limene chinthu chimayamba kutsika ubwino. Ambiri amasokoneza 11 ndi 17 n'kubweza katundu wabwino.

Chisomo wa ku Eriya 25: Ine ndikanawerenga 240705 ngati 24 Julaye 2005. Nanga 12M ndi miyezi 12 kuchokera tsiku lopangira? Ngati ndi choncho ndiye anatha kale.

Anti Joyi a saluni ku Biwi: Ayi Chisomo, 12M ndi miyezi 12 kuchokera tsiku limene watsekula botolo. N'chifukwa chake kachithunziko kali ndi chivindikiro chotsekula. Kanachokera ku malamulo a ku Ulaya, kumene chodzola chimene chimakhala miyezi yoposa 30 chisanatsekulidwe sichikakamizidwa kulemba tsiku lothera, amangoika kachizindikiro kameneka. Koma ine ndimati kasungidwe kamaposa zolembazo. Katoni ikakhala mu kontena ya malata mwezi wa Okutobala kuno ku Lilongwe, mafuta amasungunuka n'kulekana ngakhale tsiku likadali kutali.

NaChisale wa ku Kawale: Ndabwerako kokaona katundu ndi maso, ndinapita ndi mlamu wanga. Makatoni awiri ali bwino, omata ndi tepi ya ku fakitale, ndatsekula imodzi mabotolo onse 12 ndi L4187. Yachitatu ndi imene yandidabwitsa. Tepi yake ndi ina, yomatidwa pamwamba pa yakale. Sitika ikunena L4187, koma mkati mabotolo 7 ndi L4187, anayi ndi L3052, ndipo limodzi kunsi kwake kukuoneka kuti kunapukutidwa, kwangotsala mthunzi wa timadontho. Ndayesa kuwerenga ndekha: 3 ndi 2023, 52 kuchotsa 31 ya Januwale kutsala 21, ndiye 21 Febuluwale 2023. Ndalondola?

A Phiri a ku Kanengo: Mwalondola ndithu mayi. Amenewo ndi akulu kwa anzawo ndi chaka ndi miyezi inayi. Kusakaniza kokha sikumandiopsa kwambiri, ku holoselo zimachitika kuti botolo likaphulika mu katoni amadzazamo ena a pa shelefu n'kumatanso. Koma lopukutidwalo ndi nkhani ina. Inki ya timadontho imachoka ndi sipiriti kapena mankhwala ochotsera penti ya m'zikhadabo, ndipo pamalopo pamasiyana kuwala ndi pena ponse. Nthawi zina imafufutika yokha mafuta akatayikirapo, koma zikatero pamakhala zonyikira, osati poyera bwino ngati posesa.

Yohane wa geni ya Joni: Ena amafufuta osati chifukwa cha tsiku, koma kuti kampani isadziwe amene wawagulitsa katundu wodutsa njira ya kumbali. Ndimaziona ku Joni zimenezo. Mafutawo amakhala abwinobwino.

Anti Joyi a saluni ku Biwi: Zimachitika, koma wogula angasiyanitse bwanji? Botolo lopanda bachi ngakhale likamutulutsa munthu zidzolo palibe kolondola. Ine ndikanakanena ku MBS, bungwe loona za miyezo ya katundu, kapena ku CFTC, bungwe loteteza ogula, ntchito yawo ndi imeneyo.

Chisomo wa ku Eriya 25: Botolo limodzi anti? Mnyamatayo mwina nayenso anangopikula osadziwa. Ine ndikanayamba ndamufunsa kumene anatenga katoniyo.

NaChisale wa ku Kawale: Ndamufunsa, akuti anagula kwa munthu amene amatseka shopu, ndipo za manambalawa samazidziwa, wadabwa pamene ndimamuonetsa. Ndatenga makatoni awiri omata bwino aja, yachitatu ndaisiya. Kumbuyo kwa botolo kuli imelo ya kampani, mwana wanga wawatumizira zithunzi za L4187 ndi L3052 kufunsa ngati mabachiwa ndi awo komanso kuti mafutawa amakhala nthawi yaitali bwanji asanatsekulidwe. Sanayankhebe.

A Phiri a ku Kanengo: Muwatumizirenso chithunzi cha sitika ya katoni ndi cha lopukutidwa lija ngati munalijambula. Ndipo lembani mu kope lanu la katundu kuti L4187, makatoni awiri, tsiku limene mwagula ndi kwa amene mwagula, kuti kasitomala akadzabwera ndi dandaulo mudzayang'ane kunsi kwa botolo lake n'kudziwa ngati linachokera kwa inu.

Anti Joyi a saluni ku Biwi: Akayankha za L3052 mutiuze anaChisale. Ndayang'ana pa shelefu yanga, ndili ndi mabotolo awiri a mtundu womwewo, onse ndi L3 ndipo limodzi ndatsekula kale.